Mapasa Obadwa Mphindi Zochepa Motalikirana: Mafunso ndi Mayankho pa Matchati Awo

Kodi matchati a mapasa amafanana ndendende?

Matchati amenewa, omwe openda nyenyezi amajambula poonetsa malo a dzuwa, mwezi ndi mapulaneti pa nthawi imene munthu wabadwa, amafanana kwambiri, koma osati ndendende. Dzuwa limasuntha pafupifupi digiri imodzi pa tsiku ndipo mwezi umasuntha madigiri pafupifupi 13, choncho pa mphindi khumi malo awo sasintha kwenikweni. Openda amagawa njira ya dzuwa kumwamba m'zigawo 12 zotchedwa zizindikiro, ndipo chimene chimathamanga ndi chizindikiro chotuluka kum'mawa, chomwe chimasuntha pafupifupi digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse chifukwa cha kuzungulira kwa dziko.

Kusiyana kochepa chotero kungasinthe chiyani?

Tiyerekeze kuti mwana woyamba wabadwa pamene chizindikirocho chili pa digiri 28, ndipo mnzake wabadwa patapita mphindi 12. Popeza chizindikiro chilichonse chili ndi madigiri 30, wachiwiriyo angabadwe chitalowa kale china, ndipo openda nyenyezi adzawerenga matchati awiriwa mosiyana. Openda a ku India amapitirira pamenepa, pakuti amagawa chizindikiro chilichonse m'zigawo 9 pa tchati chotchedwa navamsa, ndipo pa tchati china amachigawa m'zigawo 60, moti chigawo chimodzi chimadutsa m'mphindi ziwiri zokha. Vuto lake ndi lakuti nthawi yobadwa silembedwa molondola chotero kawirikawiri, chifukwa mzamba amene ali kalikiriki kupulumutsa mayi ndi ana awiri samakhala akuyang'ana wotchi.

Kodi funsoli ndi latsopano?

Ayi. Augustine, bishopu wa ku Hippo, amene anamwalira m'chaka cha 430, anatsutsa openda nyenyezi potchula Esau ndi Yakobo, amene anabadwa mmodzi atagwira chidendene cha mnzake koma anakhala ndi moyo wosiyana kotheratu. Iye anasimbanso za Nigidius, Mroma amene anazunguza gudumu la woumba mbiya, nalidontheza inki kawiri mofulumira, ndipo litaima, madontho aja anapezeka atatalikirana. Nigidius ankatanthauza kuti thambo nalonso limazungulira mofulumira chomwecho, moti kamphindi ka pakati pa kubadwa kwa mapasa n'kokwanira kuwasiyanitsa. Augustine sanakhutire nazo, ndipo ine ndikuona kuti anali ndi mfundo: ngati kamphindi kosayezeka kamasintha zonse, wopenda angalosere bwanji za munthu aliyense?

Nanga ngati matchati afanana pa chilichonse chofunika?

Apa openda ambiri amavomereza kuti tchati chimaonetsa zimene munthu angapendekereko, osati zimene adzachite. Ena amati mapasa amagawana tchati chimodzi, wina n'kutenga mbali yolankhula, wina yofatsa. Kafukufuku wa sayansi sanapeze umboni woti malo a nyenyezi amaumba khalidwe, pamene zifukwa zina zimaoneka ndi maso: mmodzi amabadwa wochepa thupi n'kumatetezedwa kwambiri ndi makolo, wina amatchedwa wamkulu n'kusenzetsedwa udindo, ndipo akamakula aliyense amafunafuna njira yoti asamangotchedwa “mnzake wa uje.” Komanso mapasa osafanana nkhope sagawana chibadwa chonse, ndipo pa chibadwacho amangofanana monga momwe abale ena onse a mimba imodzi amafananira.