Invoisi nambala 0417 yafika yopanda mitengo

Bambo,

Ndikhulupirira mwaswera bwino kumeneko ku Limbe. Ndine mayi wa golosale ya ku Ndirande, pafupi ndi msika, amene ndimapikula katundu kwa inu mwezi ndi mwezi.

Choyamba ndithokoze, katundu ndinawoda Lolemba uja anafika dzulo masana ali bwinobwino. Tinawerenga limodzi ndi adalaivala anu: mabelo 10 a shuga, zigubu 6 za mafuta ophikira za malita 20, makatoni 8 a sopo wochapira, ndi mabelo 4 a mchere. Palibe chosowa, palibe chong'ambika, ndipo ndinasayinira.

Koma nditatseka shopu madzulo n'kukhala pansi kuti ndilembe m'buku, ndinapeza kuti invoisi nambala 0417 ilibe ndalama ngakhale pamzere umodzi. Mayina a katundu alipo, kuchuluka kwake kulipo, deti ndi chidindo ziliponso, koma malo a mtengo, a VAT ndi a chiwonkhetso pansi paja onse ndi oyera. Mwina makina anadumpha posindikiza, kapena pepala linatuluka a muofesi asanamalize kulowetsa mitengo. Zimachitika, sindikudandaula ayi.

Vuto langa ndi lakuti sindingalipire mongoganizira. Invoisi ya mwezi watha ndili nayo, koma mafuta ndi shuga mitengo yake siikukhazikika masiku ano, inunso mukudziwa. Ndikatumiza zoperewera ndioneka ngati wozemba ngongole, ndikapyoletsa tidzavutikanso kubwezerana. Komanso mafutawo sindinayambe kugulitsa. Amayi okazinga mandasi ndi anyamata a chipisi abwera kale m'mawa uno kudzafunsa, ine ndawauza kuti adikire, chifukwa kuyeza mafuta m'mabotolo usanadziwe mtengo umene wapikulira n'kudya mpamba.

Chonde nditumizireni invoisi ina yokonzedwa, yosonyeza mtengo wa chinthu chilichonse pachokha, VAT payokha, ndi chiwonkhetso. Musaiwale kuchotsera kuja munandilonjeza pafoni pa sopo, poti ndatenga makatoni opitirira 5. Ngati mupereke nambala yatsopano, mulembepo kuti ikulowa m'malo mwa 0417, kuti m'mabuku anu ndi anga isaoneke ngati ngongole ziwiri. A MRA akadzafuna kuona mapepala, zonse zikhale zogwirizana.

Chithunzi cha pa WhatsApp chikwanira lero kuti ndiyambe kugulitsa. Pepala lenilenilo adalaivala angadzandisiyire akamadutsa kuno, kapena ndituma mnyamata wanga adzatenge ku ofesi kwanu. Loyera lija ndalisunga, mukalifuna ndibweza.

Ndalama ndasunga kale pambali. Invoisi ikafika mawa lisanakwane 12 koloko, ndilipira kubanki Lachisanu monga timachitira nthawi zonse, ndipo risiti ndikutumizirani tsiku lomwelo.

Pepani pokuvutitsani. Mundiperekere moni kwa onse a muofesi.

Ndine wanu,
Mayi wa golosale, Ndirande