Pangano la ntchito yopanga kanema wa makatuni wotsatsa mpunga

Pangano ili lachitika ku Zomba lero Lolemba pa 2 Juni 2025, pakati pa Mayi Tadala Nkhoma a ku Matawale, omwe amagula mpunga kwa alimi a ku Likangala ndi kuulongedza m'mapaketi, ndi Bambo Yamikani Chirwa a ku Chinamwali, omwe amajambula makatuni pakompyuta. M'munsimu Mayi Nkhoma akutchedwa Eni Malonda, Bambo Chirwa akutchedwa Wojambula.

1. Ntchito yake

Wojambula apanga kanema mmodzi wa makatuni wa masekondi 60, m'Chichewa. Kanemayo ayambira kumunda, mayi akumweta mpunga nyanja ya Chilwa ikuonekera patali. Kenako mpunga upunthidwa, upetedwa m'lichero, ulowa m'paketi ya makilogalamu 2, ndipo pomaliza banja likudya, phiri la Zomba likuonekera pazenera. Anthu ojambulidwa ndi atatu: mayi wolima, mnyamata wa kabaza wonyamula matumba, ndi mwana wasukulu. Munthu wachinayi akafunika, imeneyo ndi ntchito ina ndipo mtengo wake udzakambidwa padera.

Kanema adzaperekedwa ngati MP4 m'maonekedwe awiri: wopingasa wa 1920x1080 wa pa wailesi ya kanema ndi YouTube, ndi woimirira wa 1080x1920 wodulidwa mpaka masekondi 30 woika pa WhatsApp ndi Facebook. Wolankhula m'kanema ndi nyimbo ya pansi apeza ndi Wojambula, ndipo zili kale m'mtengo. Kulipira nthawi ya pa wailesi, kusindikiza mapepala, ndi kumasulira kanema m'Chiyao kapena m'Chingerezi mulibe m'pangano lino.

Eni Malonda apereka chizindikiro cha malonda awo ngati PNG, paketi imodzi yeniyeni yoti Wojambula aonerepo mitundu, ndi mitengo yoti ilembedwe, pasanafike pa 5 Juni.

2. Masiku

Mawu olembedwa a kanema afika kwa Eni Malonda pa 9 Juni. Zithunzi zotsogolera, zosonyeza chochitika chilichonse chisanayambe kuyenda, zifika pa 20 Juni. Kanema woyamba woyenda ndi mawu afika pa 11 Julayi, ndipo womaliza pa 25 Julayi 2025. Eni Malonda ayankha gawo lililonse pasanathe masiku anayi ogwira ntchito. Akachedwa tsiku limodzi, masiku otsalawo asunthanso ndi tsiku limodzi. Pakagwa maliro, matenda, kapena magetsi akazima masiku awiri otsatizana, wokhudzidwayo adziwitse mnzake tsiku lomwelo ndipo agwirizane tsiku lina polemba.

3. Kukonza

Mbali zonse ziwiri zawerenga ndime iyi mofatsa, chifukwa makatuni sali ngati chithunzi choti n'kungofufuta apa ndi apo. Kusintha chitenje cha mayi wolima pa zithunzi zotsogolera ndi ntchito ya ola limodzi. Kuchisintha mayiyo atayamba kale kuwerama, kumweta ndi kusenza mtolo, ndiye kuti paliponse pomwe akuoneka pajambulidwenso, ndipo zimenezo zimadya masiku.

Choncho mwayi wokonza mwaulere ulipo kanayi: kamodzi pa mawu, kawiri pa zithunzi zotsogolera, kamodzi pa kanema woyenda. Kukonza kamodzi kukutanthauza mndandanda umodzi wolembedwa, wotumizidwa nthawi imodzi pa WhatsApp kapena pa imelo, wotchula sekondi yomwe pali vuto, mwachitsanzo: “Pa sekondi 42 mtengo wa paketi ukule, sukuwerengeka pafoni.” Zonenedwa pakamwa pokumana mumsika kapena pafoni siziwerengedwa mpaka zitalembedwa. Eni Malonda ali ndi ufulu woonetsa kanema kwa a kunyumba kwawo ndi anzawo a bizinesi, ndipo n'chinthu chabwino kutero, koma maganizo onsewo awasonkhanitse okha, ndipo Wojambula amvera mawu a Mayi Nkhoma basi.

Gawo likavomerezedwa polemba, latsekedwa. Kulitsegulanso, kapena kupempha kukonza kopitirira kanayi, ndi K60,000 nthawi iliyonse, yolipiriratu, ndipo kuwonjezera masiku atatu pa ntchito. Cholakwa cha Wojambula mwini, monga kulemba dzina molakwika, kusokoneza mtundu wa paketi, kapena mawu kusiyana ndi kuyenda kwa pakamwa, akonza mwaulere ndipo sichichotsera pa kanayi kaja.

4. Malipiro

Mtengo wonse ndi K1,200,000, wolipiridwa katatu. K480,000 lero posayina, ndipo ntchito siyamba ndalamayi isanalowe. K360,000 tsiku lovomereza zithunzi zotsogolera. K360,000 yotsala kanema womaliza akavomerezedwa. Mpaka ndalama yomalizayi italowa, kanema yemwe Eni Malonda alandira akhala ndi chidindo cha Wojambula pakati, ndipo sayenera kuikidwa pa intaneti kapena kutumizidwa m'magulu.

Ndalama ilowe kubanki, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, pa nambala zolembedwa pa invoyisi, ndipo ndalama yotumizira alipira ndi Eni Malonda. Wojambula apereka lisiti nthawi iliyonse. Malipiro akachedwa masiku 14, Wojambula aimitsa ntchito mpaka atalandira.

Eni Malonda akasiya ntchito panjira, zomwe alipira pa magawo ochitika kale sizibwerera. Wojambula akalephera kupereka kanema patatha masiku 21 kuchokera pa tsiku lomaliza popanda chifukwa chotchulidwa mu ndime 2, abweza ndalama zonse zomwe walandira pasanathe masiku 30.

5. Umwini wa kanema ndi mafayilo

Ndalama yonse ikalowa, makanema awiri a MP4 aja akhala a Eni Malonda, ndipo Wojambula akuwapatsa umwini wake mwa kalata ino motsatira lamulo la umwini wa zaluso la 2016. Atha kuwaonetsa kulikonse, m'Malawi muno ndi kunja, kwa nthawi yonse yomwe afuna, osalipiranso kanthu.

Mafayilo ogwirira ntchito ndi nkhani ina. Mafayilo a .aep a pulogalamu ya After Effects yoyendetsera makatuni, zojambula za anthu atatu aja zogawidwa mikono, miyendo ndi nkhope, ndi mawu osasakaniza a WAV, zitsala m'manja mwa Wojambula, monga telala amapereka diresi koma n'kusunga pepala lodulira. Eni Malonda akazifuna, kuti mwina wina adzapitirize ntchitoyi, azigula ndi K400,000 ndipo azilandira pa fulashi. Ngakhale asanagule, Wojambula sadzagwiritsa ntchito mayi wolima, mnyamata wa kabaza kapena mwana wasukulu uja potsatsa malonda a munthu wina aliyense. Nkhope zimenezi anthu azizidziwa ndi mpunga wa Mayi Nkhoma wokha. Wojambula asunga mafayilowa miyezi 12, ndipo kusintha mtengo wolembedwa m'kanema m'nthawiyo ndi K30,000.

Chizindikiro ndi dzina la malonda ndi za Eni Malonda kuyambira kale ndipo zikhala choncho. Nyimbo ya pansi ndi ya woipeka. Wojambula apereka kalata ya chilolezo chake yoigwiritsa ntchito m'kanema yekhayu, kuti a COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, kapena a wailesi akafunsa, Eni Malonda akhale ndi choonetsa. Nyimbo ya woimba wina siilowa m'kanema popanda chilolezo cholembedwa, ngakhale Eni Malonda ataikonda chotani.

Wojambula aloledwa kuonetsa kanemayu ngati chitsanzo cha ntchito zake, koma Eni Malonda atayamba kale kumuulutsa.

6. Pakabuka kusamvana

Awiriwa ayamba akhala pansi pamodzi ndi mboni zasayina m'munsimu pasanathe masiku 14. Zikakanika, nkhani ipita ku makhoti a ku Zomba, motsatira malamulo a dziko la Malawi. Kusintha kulikonse kwa pangano lino kulembedwe ndi kusayinidwa ndi onse awiri. Aliyense watenga kope yake.

Asayina ku Zomba pa 2 Juni 2025:

Mayi Tadala Nkhoma, Eni Malonda
Bambo Yamikani Chirwa, Wojambula
Bambo Dalitso Phiri, mboni ya Eni Malonda
Mayi Pilirani Banda, mboni ya Wojambula