Yankho pa ndemanga za owunika ndondomeko ya magetsi ofunika pa chipatala chaching'ono

Kwa Wapampando wa Gulu Lowunika Mapulani,

Tathokoza chifukwa cha ndemanga zanu zitatu, ndipo tikuyankha motere.

Pa ndemanga yoyamba, mwanena kuti tinachepetsa kwambiri mphamvu ya masoketi poiwerengera pa 40 peresenti. Tavomereza pa gawo la labotale, chifukwa firiji ya katemera, makina opimira magazi ndi chotenthetsera zida zimayaka nthawi imodzi m'mawa odwala akachuluka, choncho takweza chiwerengerocho kufika pa 80 peresenti. Koma m'maofesi tasiya 40 peresenti, popeza masoketi ambiri kumeneko amangotchajira mafoni ndi kompyuta imodzi kapena ziwiri.

Pa ndemanga yachiwiri, yoti tiwerengere mapampu onse awiri a madzi, sitikugwirizana nanu. Mapampu awiri a madzi a makilowati 4 aliyense sagwira ntchito limodzi, chifukwa imodzi ndi yodikirira inzake ikawonongeka, ndipo bokosi lowongolera lili ndi loko woletsa kuti onse ayake pamodzi. Kuwerengera onse awiri kungangokulitsa chingwe popanda phindu.

Za magiza atatu a m'chipinda cha amayi oyembekezera, munalondola, ndipo tawawerengera pa 100 peresenti, chifukwa m'mwezi wa Juni kukazizira onse amayaka m'bandakucha.

Kusinthaku kwakweza mphamvu yofunika pa nthawi yotanganidwa kuchoka pa makilowati 46 kufika pa 53, zomwe pa mavoti 400 a mafezi atatu, ndi chiwerengero cha mphamvu cha 0.9, zikupereka maampeya pafupifupi 85, motero chodulira chachikulu cha maampeya 100 chikukwanirabe. Pempho lopita ku ESCOM tilikonza molingana ndi chiwerengero chatsopanochi.

Ine wanu,
Injiniya wa Magetsi