Mayi Esnart, achimwene a Dyson, dziwanani pa nkhani ya madzi a mchere ija

Mayi Esnart ndi achimwene a Dyson,

Muli bwanji nonse? Kuno ku Nchalo tilipo, kungoti dzuwa lake mukulidziwa. Ndakuikani pa imelo imodzi dala kuti ndisamangokhala ine wonyamula mauthenga, aliyense wa inu ndinamuuzako kale za mnzake pafoni ndipo nonse munavomera, ndiye nayi.

A Dyson, mayi Esnart ndi mlangizi wa zaulimi, anagwirapo ntchito m'boma kwa nthawi yaitali koma pano akuyendetsa magulu a alimi cha ku Ngabu, ambiri ndi amayi amene anayambira ku banki mkhonde. Gulu limodzi lili ndi mamembala 46, lapeza malo a mahekitala 3 omwe amfumu anawapatsa ndipo thandizo la ndalama lapezeka loti akumbe mjigo ndi kuikapo pampu ya sola, akufuna azilima anyezi, tomato ndi chimanga chachiwisi nthawi ya chilimwe mmalo modikira mapira ndi thonje kamodzi pachaka. Vuto ndi lomwe mukulidziwa inu kuposa tonse. Mjigo wa m'mudzi womwe uli pafupi ndi malowo madzi ake ndi a mchere, anthu amangochapira, ngakhale sopo sachita thovu bwino, akumwa amakatunga kutali. Ndiye mayiwa agwira kaye ndalamazo, sanasaine ndi kontirakitala aliyense ngakhale makoteshoni awiri abwera kale kuchokera ku Blantyre, ndipo ine ndinawauza kuti achita bwino kwambiri, chifukwa makoteshoni onse awiri akungonena za mamita okumba ndi mtengo wa mapanelo, za kuyeza madzi palibe ndi mzere umodzi womwe.

Mayi Esnart, a Dyson ndi katswiri wa madzi a pansi pa nthaka, amayeza malo asanakumbe komanso amaika mapampu a sola. Amakhala ku Bangula koma ntchito amagwira chigwa chonse, Nsanje, East Bank mpaka kwa Chapananga. Ndinawadziwa itadutsa Freddy mu 2023 pomwe tinkayendera mijigo yomwe inamira ndi kudzadza matope, ndipo chomwe ndinawakondera nchakuti amatha kumuuza munthu kuti apa musakumbe mungotaya ndalama, pomwe akudziwa kuti akanena choncho ntchito yawathawa. Anthu otero ngosowa mu bizinesi imeneyi.

Ndilongosole pang'ono chifukwa chomwe ndaumirira, a Dyson mundikonze ngati ndapotoza. Mchere wa pansi kuno suli ponseponse mofanana, mjigo uwu umatha kukhala wa mchere wina osafika kilomita nkukhala wabwinobwino, ndipo kawirikawiri madzi abwino amapezeka kufupi ndi mitsinje komwe pansi pali mchenga. Komanso kukumba mozama sikuti ndiye wathawa mchere, nthawi zina ndi pomwe umaupeza. Tsono dothi la ku Ngabu ndi makande aja, madzi salowa msanga, ukathirira ndi madzi a mchere dzuwa limamwa madzi mchere nkutsala pamwamba, chaka choyamba mbewu zimaoneka bwino aliyense akujambula zithunzi, chachiwiri mizere yayamba kuyera, kenako munda wafa ndipo kuubwezeretsa ndi ntchito yaikulu. Anyezi amene amayiwa akumufunayo ndi mmodzi wa mbewu zosapirira mchere, thonje ndi mapira ndiye zimalimbako, nchifukwa chake anthu sazindikira msanga. A Dyson ali ndi kachipangizo koyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi pompopompo, ndi makina ena a mawaya oyala pansi oonera pomwe pali madzi ndi mtundu wa nthaka, ndipo mjigo ukakumbidwa amaupopa kwa maola ambiri kuti aone ngati madzi ake angakwanire munda kapena ndi ongokwanira pampu yamanja ya Afridev ya pamudzi. Pampu imagulidwa zimenezi zikadziwika, osati kuyamba ndi kugula pampu.

Koma musaone ngati phindu ndi la mbali imodzi. A Dyson mwakhala mukundidandaulira kuti mumaika sisitimu yabwino, pakatha chaka mukabwerera mupeza pampu yaima chifukwa cha kanthu kochepa, komiti ilibe ndi tambala yomwe, mapanelo awiri abedwa, aliyense akuloza mnzake. Apa ndi pomwe mayi Esnart amatha ntchito. Magulu awo ali ndi malamulo olembedwa, amasonkha sabata ndi sabata, buku la ndalama limawerengedwa pamaso pa aliyense ndipo wojomba pamsonkhano amalipira chindapusa, ine ndinakhalapo pa msonkhano wawo wina ndinachita manyazi ndi momwe timayendetsera ya ku ofesi. Munkanenanso kuti kulemba mapulopozo ndi malipoti kumakutopetsani mpaka ntchito zina zimakudutsani, mayiwa zimenezo ndiye chakudya chawo. Ndipo ali ndi magulu ena 5 omwe akuyang'anira kuti loyambali liyenda bwanji, ndiye mukagwira bwino apa mukudziwa nokha.

Pali zinthu ziwiri zoti ndinene poyera kuti musadzandide. Mayi Esnart, a Dyson si otchipa ndipo kuyezako amalipiritsa pakokha, angakhale zotsatira zitati malowo ngosayenera. Muwafunse mtengo koyambirira, muuike mu bajeti, ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi mjigo wouma kapena wa mchere. A Dyson, mayiwa amafuna chilichonse cholembedwa, lisiti, koteshoni yosainidwa, lipoti la zomwe mwapeza, ndiye zija zongofotokoza pakamwa mutakwera kale njinga yamoto apa sizigwira. Komanso foni muziyankha achimwene, ndikudziwa netiweki ya kutsidya imavuta koma uthenga wa WhatsApp madzulo sungakanike.

Nkhani ina mukambirane ndi ya chilolezo cha madzi ku National Water Resources Authority, a Dyson amazidziwa njira zake, komanso ya kukweza mapanelo ndi thanki pamwamba poti malowo ndi otsika ndithu, nthawi ya namondwe wa Ana mu 2022 madzi anafikako mpaka m'mawondo malinga ndi eni mudzi.

Nthawi ndi imene ikundipatsa phuma. Tili kale mu Seputembala, ino ndi miyezi yomwe madzi a pansi amakhala atatsika ndiye zomwe mungapeze pano ndi zoona zake, ndipo mvula ikangoyamba galimoto yokumbira singalowe m'makande muja, mudzadikira mpaka chaka chamawa. Maganizo anga ndi oti mukumane pa Ngabu sabata yamawa, ndi pafupi kwa nonse, a Dyson mungokwera minibasi pa M1 mutenge kachipangizo kaja, mukayeze mijigo ndi zitsime zozungulira malowo tsiku lomwelo. Mayi Esnart ananena kuti Lachitatu gulu limakumana 2 koloko masana, ndiye mutafika mmawa mukhoza kuyendera malo kenako nkulankhula ndi amayiwo nokha. Ngati Lachitatu silikutheka mugwirizane tsiku lina.

Mayi Esnart, muwatumizireko makoteshoni awiri aja a Dyson asanabwere kuti awaone. Manambala a foni ndakutumizirani aliyense pa WhatsApp. Poyankha mukhoza kundichotsa pa imeloyi, mungondiuza zikatheka.

Zikomo kwambiri, moni kunyumba konse.

Ine wanu,
Limbani