SGD, momentamu, RMSprop ndi Adam: zikusiyana pati kwenikweni?

Loweruka lija titakumana pa boma, mnzathu wa ku Santhe uja anatiwonetsa modelo yake yozindikira masamba a chimanga odyedwa ndi ntchemberezandonda, zithunzi 1,800 zojambula ndi foni m'minda ya kwawo. Anati wayesa ma optimayiza anayi onse, njira zosinthira manambala a modelo ikamaphunzira, ndipo Adam wawina, SGD ndi yachabe. Nditayang'ana kodi yake ndinapeza kuti onse anayi anawapatsa `lr=0.001`, nambala yoyeza kukula kwa sitepe. Zinandikhudza, sinanga ambirife timachita chonchi, ndiye ndati ndilembe bwinobwino, chifukwa mpikisano umenewo sunali wachilungamo olo pang'ono. Nambala ya 0.001 kwa Adam ndi kwa SGD sikutanthauza chinthu chimodzi ayi.

Tiyambe ndi SGD yopanda chilichonse. Mumatenga kagulu kochepa ka zithunzi, kaya 32, mumawerengera giradiyenti `g` yomwe imaloza komwe losi, muyezo wa kulakwitsa kwa modelo, ikukwera, inu n'kuponda phazi limodzi kulowera mbali inayo.

```
w = w - lr * g
```

Basi, yonse ndi imeneyo. Maganizo ake ndi akale, anachokera kwa Robbins ndi Monro mu 1951. Ilibe chikumbumtima, zomwe inaona pa sitepe yapitayo yaiwala kale, ndipo poti kagulu kalikonse ka zithunzi kamaloza kosiyana pang'ono, imayenda mwadzandidzandi. Koma vuto lalikulu si kudzandirako. Vuto ndi khwawa. Ganizani khwawa lija madzi amakumba m'mbali mwa phiri la Kasungu nthawi ya dzinja, m'mbali mwake motsetsereka koopsa pomwe pansi pake pakutsika pang'onopang'ono kulowera kudambo. Inu mukufuna kukafika kudambo, koma giradiyenti imamva kwambiri kutsetsereka kwa m'mbali, ndiye mumangowoloka uku ndi uku, kutsogolo osasuntha kwenikweni.

Tengani pepala muyese nokha. Losi ikhale `0.5*(x**2 + 100*y**2)`, giradiyenti yake ndi `(x, 100*y)`. Mukaika `lr=0.021`, `y` imachulukitsidwa ndi -1.1 pa sitepe iliyonse, ikukula, mapeto ake muona `nan` pa sikirini. Ndiye mukakamizika kutsika pansi pa 0.02. Ikani 0.019, `y` tsopano ikuchulukitsidwa ndi -0.9, ikudumphadumpha koma ikuchepa, pomwe `x` ikungochulukitsidwa ndi 0.981. Kuchoka pa `x=10` kufika pa 0.1 pafunika masitepe pafupifupi 240. Mwaona, mbali yotsetsereka ndi yomwe ikulamula `lr`, mbali yomwe muli ndi ulendo wautali n'kumavutika. Njira zitatu zinazo zonse zikulimbana ndi vuto limeneli.

Momentamu inabwera ndi Boris Polyak mu 1964, Nesterov n'kudzaikonza mwa njira ina mu 1983. Aliyense amene anapalasapo njinga itanyamula matumba awiri a chimanga akudziwa kale nkhaniyi. Njinga yolemedwa ikayamba kutsika, timiyala ndi timaenje sitiikhotetsa, imangopita, komanso mabuleki sagwira msanga.

```
v = beta * v + g
w = w - lr * v
```

`beta` nthawi zambiri ndi 0.9. Giradiyenti ikamaloza mbali imodzimodzi sitepe ndi sitepe, `v` imaunjikana mpakana kufika ka 10 kuposa `g`, chifukwa `1/(1-0.9)` ndi 10. Ikamasinthasintha, lero kumanja mawa kumanzere, zimadyana zokha ndipo `v` imatsala pafupifupi theka la `g`. Ndiye pansi pa khwawa liwiro likukwera, m'mbali kudumpha kukuchepa. Pa chitsanzo chathu chija, `lr` yomweyo ya 0.019 ndi `beta=0.9`, ulendo wa masitepe 240 umatha ndi pafupifupi 90. Mtengo wake ndi woti imapitirira malo oimira kenako n'kubwerera, ngati njinga ija. Ndipo chenjerani apa, mukayatsa momentamu osakhudza `lr`, sitepe yanu yeniyeni yakula ka 10, anthu ambiri amati momentamu yawononga modelo pomwe iwo sanatsitse `lr`.

RMSprop inatenga njira ina. M'malo mounjika liwiro, imapatsa parameta iliyonse, kutanthauza nambala iliyonse ya mu `w`, muyezo wakewake. Isanabwere kunali AdaGrad ya Duchi, Hazan ndi Singer mu 2011, yomwe imaphatikiza `g**2` zonse kuyambira sitepe yoyamba n'kugawa nazo, koma poti nambalayo imangokula osatsika, masitepe amachepa mpakana modelo kusiya kuphunzira ntchito isanathe. RMSprop inangoti tiyeni tiziiwala zakale.

```
s = rho * s + (1 - rho) * g**2
w = w - lr * g / (sqrt(s) + eps)
```

Parameta yomwe giradiyenti yake ndi yayikulu imagawidwa ndi nambala yayikulu, yaing'ono ndi nambala yaing'ono, ndiye `x` ndi `y` wa m'khwawa muja amayenda masitepe ofanana kukula. Chomwe chimandisangalatsa ndi mbiri yake, RMSprop sinatuluke m'pepala la kafukufuku ayi, Geoffrey Hinton anaiphunzitsa mu phunziro lachisanu ndi chimodzi la kosi yake ya pa Coursera mu 2012, anthu n'kungoyamba kuigwiritsa ntchito. Kanthu kamodzi kamene kamasokoneza: Keras imayamba ndi `rho=0.9` ndi `learning_rate=0.001`, pomwe PyTorch imaitcha `alpha=0.99` ndi `lr=0.01`. Mukakopera kodi kuchoka uku kupita uko osayang'ana, zotsatira zisiyana ndipo mudzataya tsiku lonse kufufuza cholakwika.

Adam, ya Diederik Kingma ndi Jimmy Ba kumapeto kwa 2014, inaphatikiza ziwirizi. Imasunga `m`, avareji ya giradiyenti ngati momentamu, komanso `v`, avareji ya `g**2` ngati RMSprop.

```
m = b1 * m + (1 - b1) * g
v = b2 * v + (1 - b2) * g**2
mh = m / (1 - b1**t)
vh = v / (1 - b2**t)
w = w - lr * mh / (sqrt(vh) + eps)
```

Manambala oyambira ndi `lr=0.001`, `b1=0.9`, `b2=0.999`, `eps=1e-8`. Mizere iwiri ya `mh` ndi `vh`, momwe `t` ndi nambala ya sitepe, anthu amaidumpha powerenga koma ndi yofunika. `m` ndi `v` zimayamba pa ziro, ndiye pa sitepe yoyamba `m` ndi `0.1*g`, `v` ndi `0.001*g**2`. Popanda kukonza, `m/sqrt(v)` ikanakhala 3.16, sitepe yayikulu katatu kuposa yofunika, pa nthawi yomwe modelo sikudziwa kalikonse. Mukakonza imakhala 1 ndendende, kapena -1.

Apa ndi pomwe pagona nkhani ya mnzathu uja. Kwa Adam, kukula kwa giradiyenti kumafafanizika pogawa paja, ndiye parameta iliyonse imasuntha mozungulira `lr` kapena kucheperapo, kaya giradiyenti ndi 50 kaya ndi 0.0005. Kwa SGD sitepe ndi `lr * g`, giradiyenti ikakhala 0.0005 ndipo `lr` ndi 0.001, mwasuntha 0.0000005, kumeneko ndi kuima. SGD sinalephere, anaimanga miyendo. Anthu omwe anapanga ResNet mu 2015 anagwiritsa ntchito SGD ya momentamu 0.9 kuyambira pa `lr` ya 0.1, n'kumaigawa ndi 10 zinthu zikasiya kusintha. Ka 100 kuposa ya mnzathu uja.

Ndiye kodi Adam ndi wopambana? Pa kuyamba msanga, eya, ndipo sindikubisa. Losi imatsika mwachangu m'ma ipoki oyambirira, maulendo oyamba odutsa deta yonse, ndipo manambala oyambira aja amagwira ntchito pa zinthu zambiri osawakhudza. Pa ntchito za chilankhulo, komwe mawu ena amaoneka kawirikawiri ena mwa apo ndi apo, monga mmene verebu imodzi ya Chichewa imasandukira mawu ambirimbiri, muyezo wa parameta iliyonse uja umathandiza zedi. Transformer ya 2017 inaphunzitsidwa ndi Adam, `b2` yake 0.98, ndipo `lr` ankaikweza pang'onopang'ono kwa masitepe 4,000 oyamba. Koma chaka chomwecho Wilson ndi anzake anaonetsa kuti pa ntchito zina, kuphatikizapo za zithunzi, SGD yoikidwa bwino inkakhoza bwino kuposa Adam pa deta yomwe modelo sinaionepo. Kwa ife zimenezi ndiye zofunika, chifukwa mlimi wa ku Chamama akajambula tsamba lake, chithunzicho modelo sinachionepo, kuwala kwina, foni ina, dothi lina.

Palinso za `weight_decay`. Mu SGD yopanda kanthu, kuonjezera chilango cha L2 pa losi ndi kuchepetsa ma parameta mwachindunji ndi chinthu chimodzi. Mu Adam ayi, chifukwa chilangocho chikalowa mu giradiyenti nacho chimagawidwa ndi `sqrt(vh)`, ndiye ma parameta a giradiyenti yayikulu amalangidwa pang'ono. Loshchilov ndi Hutter anazilekanitsa mu 2017, ndiye AdamW imeneyo. Ngati mukufuna `weight_decay`, tengani AdamW.

Memore nayonso musaiwale, makamaka ife a malaputopu akale. SGD sisunga kanthu kapadera, momentamu ndi RMSprop zimasunga nambala imodzi pa parameta iliyonse, Adam ziwiri. ResNet-18 ili ndi ma parameta pafupifupi 11.7 miliyoni, pa mabayiti 4 iliyonse ndi 47 MB, Adam akuonjezera 94 MB. Pamenepo palibe vuto, koma modelo ya ma parameta 1 biliyoni Adam yekha akudya 8 GB musanaike n'chithunzi chimodzi chomwe. Komanso magetsi akazima pakati pa ntchito, ngati munasunga `model.state_dict()` yokha osasunga `optimizer.state_dict()`, `m` ndi `v` zapita, mukayambiranso losi itha kudumpha.

Ineyo ndimachita chonchi. Batire ikakhala yochepa, bandulo ikutha, ndikungofuna kudziwa ngati deta yanga ili ndi nzeru, ndimayamba ndi AdamW pa 0.001, ndipo ngati ndikukonza modelo yophunzitsidwa kale ndimatsitsa kufika 0.0001. Ikakhala ntchito ya zithunzi yoti ipite kwa alimi ndipo nthawi ilipo, ndimayesanso SGD ya momentamu ndi `lr` yotsika pang'onopang'ono. RMSprop ndimaigwira ndikapeza kodi yomwe inalembedwa nayo kale, kupanda apo sindiifuna kwenikweni poti Adam ali nazo zonse zake. SGD yopanda momentamu ndi yophunzirira papepala.

Achimwene a ku Santhe, Loweruka likubwerali bwerani ndi laputopu yotchaja. Tiyesa chonchi, aliyense ndi manambala atatu akeake, zithunzi zoyesera zikhale za minda yomwe sinalowe pophunzitsa:

```
SGD(p, lr=a, momentum=0.9)  # a: 0.1, 0.03, 0.01
RMSprop(p, lr=b)            # b: 1e-3, 3e-4, 1e-4
AdamW(p, lr=c)              # c: 1e-3, 3e-4, 1e-4
```

Zoyesa zisanu ndi zinayi, ma ipoki 20 chilichonse. Mubwerenso ndi zithunzi zija munajambula madzulo dzuwa litapendeka, zimenezo ndi zomwe ndikufuna tione kwambiri.