Za tsiku limene ndingayambe ntchito

Mayi Phiri,

Zikomo pondiimbira foni dzulo za ntchito ya akaunti ija ya ku Lilongwe. Ndapenda kontrakiti yanga, ikuti ndipereke notisi ya mwezi umodzi.

Notisiyo ndipereka ndikangolandira kalata yondilemba ntchito, osati isanafike. Ikandipeza pofika pa 31 July, kuno ku Blantyre nditsiriza pa 31 August, ndipo ndingayambe pa 1 September. Ndili ndi masiku 8 atchuthi amene sindinatenge. Abwana akalola kuwachotsera pa notisi ndingafulumireko, koma sindikulonjeza, poti malipiro a antchito akumapeto kwa mwezi ndimakonza ndekha.

Chonde musawaimbire kaye abwana anga, sanadziwe za nkhaniyi. Ineyo muzindiimbira nthawi ya nkhomaliro, mu ofesi timakhalamo anthu anayi.

Ine wanu,
Chikondi Banda