Mafunso a kumvetsa nkhani, Giredi 6: Madzi ndi kolera mu Lusaka

Aphunzitsi anzanga a Giredi 6A ndi 6B,

Nayi ndime ya Lachinayi pamodzi ndi mafunso ake. Ndaitenga pa mutu wa zaumoyo m'buku la ophunzira n'kuifupikitsa kuti ikwane pabolodi, poti mabuku ndi ochepa. Ziganizo ndazipatsa manambala kuti pochonga tiziloza pomwe yankho lagona. Ana aiwerenge kawiri, koyamba chamumtima, kachiwiri mokweza.

NDIME

(1) Mzinda wa Lusaka umapeza madzi kumtsinje wa Kafue ndiponso pansi pa nthaka. (2) Pansi pa mzindawu pali mwala wa laimu wa ming'alu ndi mphako zambiri, momwe madzi amayenda mosavuta. (3) M'makomboni ena monga Kanyama, madzi apansi ali pafupi, moti munthu akakumba pang'ono amawapeza. (4) Mabanja ambiri kumeneko ali ndi zimbudzi zokumba, ndipo ena amatunga m'zitsime zosazama chifukwa madzi a pakiyosiki ndi ogula. (5) Mvula ikachuluka, zimbudzi zimasefukira. (6) Kolera imayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, tomwe timalowa m'thupi kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. (7) Wodwala amatsekula m'mimba ndi kusanza, ndipo madzi akamuthera m'thupi angathe kumwalira m'maola ochepa. (8) Mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 unafika poipa mu Januwale 2024. (9) Boma linasandutsa bwalo la masewero la Heroes kukhala malo ochiritsira odwala, ndipo sukulu, zomwe zikanatsekulidwa pa 8 Januwale, zinatsekulidwa pa 12 Febuluwale. (10) Azaumoyo amalangiza kuwiritsa madzi akumwa kapena kuthiramo kolorini, ndiponso kusamba m'manja ndi sopo.

GAWO LOYAMBA: Yankho lalembedwa m'ndime (malikisi 4)

1. Tchulani mtsinje umene umapereka madzi ku Lusaka.
2. Kodi munthu wodwala kolera amaonetsa zizindikiro ziwiri ziti?
3. Mu 2024, ana anabwerera kusukulu pa tsiku liti?
4. N'chifukwa chiyani mabanja ena amatunga madzi m'zitsime zosazama?

Mayankho: Kafue, kutsekula m'mimba ndi kusanza, 12 Febuluwale, madzi a pakiyosiki ndi ogula.

Pa funso lachitatu ambiri adzalemba 8 Januwale, deti yoyamba kuiona. Ameneyo wasaka nambala, chiganizo sanachiwerenge, choncho musamupatse malikisi.

Funso lachinayi ndaliika muno dala. Ngakhale layamba ndi "n'chifukwa chiyani", yankho lili poyera m'chiganizo 4, ndipo mwana angathe kuliloza ndi chala. Ndimaona mapepala ambiri a mayeso momwe funso lotere limawerengedwa ngati lofuna kuganiza mozama, pamene mwana wangokopera. Inu pokonza mafunso anu, muzidzifunsa kuti yankho lili pati: pamalo amodzi m'ndime, m'ziganizo zingapo zofunika kuzilumikiza, kapena m'maganizo a mwanayo.

GAWO LACHIWIRI: Lumikizani mfundo (malikisi 8)

5. Banja lina lili ndi chitsime chovundikira bwino pafupi ndi chimbudzi. Palibe amene wathiramo zonyansa, koma madzi ake adwalitsa ana. Fotokozani mmene tizilombo tafikiramo. (3)
6. N'chifukwa chiyani mliriwu unafika poipa mu Januwale osati mu Julayi? (3)
7. Kodi kugoneka odwala m'bwalo la masewero kukutiuza chiyani za kukula kwa mliriwu? (2)

Funso lachisanu ndilo mtima wa phunziro lonseli, ndipo mulipatse nthawi. Ndime sinanene paliponse kuti zonyansa za m'chimbudzi zimayenda pansi pa nthaka mpaka kuchitsime. Mwana ayenera kutenga ming'alu ya m'chiganizo 2, madzi apafupi a m'chiganizo 3, ndi chimbudzi chokumba cha m'chiganizo 4, n'kuziluka yekha. Malikisi amodzi pa mfundo iliyonse. Wolemba kuti "ntchentche zinagweramo" wanena zimene amazidziwa kale, koma funso lanena kuti chitsime n'chovundikira. Mubwezeni kundime mofatsa, mumufunse kuti, "Nanga pansi pa chitsimecho pali chiyani?"

Pa lachisanu ndi chimodzi mwana akufunika kubweretsa kanthu kamodzi kochokera kunja kwa ndime: kuti Januwale ndi mkati mwa dzinja, pomwe Julayi ndi mwezi wozizira wopanda mvula. Izi mwana aliyense wa mu Lusaka amazidziwa, makamaka amene amavula nsapato kuti adutse m'madzi pobwera kusukulu. Yankho lokwana lidzati Januwale ndi nthawi ya mvula, zimbudzi zimasefukira, zonyansa zimasakanikirana ndi madzi akumwa. Amene wangoti "kunali mvula" apeze malikisi amodzi.

Lachisanu ndi chiwiri n'lapafupi: odwala anachuluka moti malo m'zipatala anachepa.

GAWO LACHITATU: Weruzani, ndipo perekani zifukwa (malikisi 8)

8. Kodi boma linachita bwino kuchedwetsa kutsekula sukulu? Perekani zifukwa ziwiri, chimodzi chichokere m'ndime. (4)
9. Taganizirani banja limene limavutika kugula makala ndi madzi a pakiyosiki. Kodi malangizo a m'chiganizo 10 ndi okwanira kuliteteza? Ngati ayi, chinanso chofunika n'chiyani, ndipo achite ndani? (4)

Apa sitichonga "inde" kapena "ayi". Malikisi amodzi apite pa kunena maganizo momveka, awiri pa zifukwa, amodzi pa kugwiritsa ntchito ndime. Mwana amene wati boma linachita bwino chifukwa kusukulu ana ambiri amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, ndipo matendawa amapha m'maola ochepa, apeze zonse zinayi. Nayenso amene wati silinachite bwino, poti ana anataya masabata asanu a maphunziro pomwe kunyumba ankamwabe madzi a pachitsime chomwecho, apeze zinayi. Chonde musachotse malikisi chifukwa maganizo a mwana asiyana ndi anu. Tikatero, ana amaphunzira kuyang'ana nkhope ya mphunzitsi m'malo moganiza.

Funso lomaliza ndalikonda kwambiri chifukwa limapatsa mwana chilolezo chokayikira buku. Kuwiritsa madzi kumafuna makala, ndipo mayi amene wagula kapulasitiki kamodzi ka makala amayamba waphika nsima ndi ndiwo. Mwana woona zimenezi n'kulemba kuti pakufunika mapaipi, ngalande, kupopa zimbudzi zikadzaza kapena kugawa kolorini waulere, wamvetsa ndime mozama. Wina akanena kuti malangizowo ndi okwanira chifukwa kolorini sifuna moto, ndi yankho labwinonso.

Onaninso kuti ndalemba "banja lina" ndi "taganizirani banja". Musasinthe n'kufunsa kuti, "Kwanu mumatunga kuti?" M'makalasi mwathu muli ana amene amamwa madzi a pachitsime chosazama, muli ndi ena amene anataya abale awo pa mliri uja. Mwana asachite manyazi ndi kwawo kuti apeze malikisi. Wofuna kusimba za kwawo asimbe mwa kufuna kwake.

Gawo loyamba ndi lachiwiri alembe aliyense payekha, mphindi 25. Lachitatu ayambe akambirana awiriawiri, kenako alembe. Ana amene amawerenga movutikira muwawerengere mafunso 5 ndi 9 n'kumva mayankho awo pakamwa, chifukwa ambiri a iwo amaganiza bwino kuposa mmene amalembera. Lolemba pa nthawi yopuma mubweretse makope asanu a kalasi iliyonse, tidzachongere limodzi funso 8 kuti kaperekedwe kathu ka malikisi kafanane.

Ndine mnzanu,
Mphunzitsi woyang'anira maphunziro a zilankhulo